Chigoli cha koyenda: chinabwera bwanji, ndipo ku Ulaya anachithetseranji?

M'mwezi wa Marichi 2017 ndinatuluka m'bwalo la National Sports Stadium kuno ku Harare mawu atasasa, chonsecho tsiku limenelo sindinaone chigoli ngakhale chimodzi. CAPS United inalepherana 0-0 ndi TP Mazembe ya ku Congo, timu yomwe inali itatengapo chikho cha akatswiri a mu Africa kasanu. Anthu ovala zobiriwira ankavina m'misewu mpaka kukafika ku Mbare ngati apambana ndi zigoli zisanu. M'kombi yobwerera kunyumba, mwana wa achemwali anga, yemwe tsiku limenelo kanali koyamba kulowa m'bwalo lalikulu, anandikoka malaya nkundifunsa kuti, "Amalume, nanga tapambana bwanji pomwe palibe wagoletsa?"

Yankho lake linali ku Lubumbashi. Sabata imodzi m'mbuyomo CAPS inali itakalepherana 1-1 ndi Mazembe kwawoko, Abbas Amidu atagoletsa masewero atangoyamba kumene. Kuphatikiza masewero awiriwo, zigoli zinali 1-1. Koma chigoli cha CAPS chinamwetsedwa koyenda, pomwe cha Mazembe chinamwetsedwa pakhomo. Lamulo linkati zigoli zikafanana pamasewero onse awiri, ipitirire timu yomwe yagoletsa zambiri pabwalo la eni. Mmenemo ndi mmene anyamata a Lloyd Chitembwe analowera m'ndime ya m'magulu kwa nthawi yoyamba.

Kotero ine ndi mmodzi mwa anthu amene lamuloli linawasangalatsapo kwambiri. Komabe bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA litalithetsa mu 2021, ndinaona kuti achita bwino. Ziwirizi sizikutsutsana, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake.

Choyamba tikonze kaye chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza anthu. Achikulire athu ku Highfield ndi ku Mufakose amakonda kunena kuti chigoli cha koyenda chimawerengedwa kawiri. Kanenedweka kamathandiza kukumbukira, koma kakhoza kukusocheretsani. Timu ikagonja 2-1 koyenda nkulepherana 0-0 pakhomo, yatuluka basi, chifukwa zigoli zonse pamodzi ndi 2-1. Chigoli chake chimodzi chija sichisanduka ziwiri ayi. Lamuloli limadzuka pokhapokha zigoli za masewero onse awiri zikafanana ndendende. Ndi njira yolekanitsira ofanana mphamvu, osati yowonjezera zigoli.

Kuti timvetse chomwe analiikira, tiyenera kuona mmene ankalekanitsira matimu lisanabwere. Masiku ano mwana aliyense akudziwa kuti zikavuta kuli mapenate. Koma mapenate analowa m'mipikisano ya UEFA mu 1970. Izi zisanachitike, matimu akafanana zigoli ankakonzeredwa masewero achitatu, kawirikawiri pabwalo la dziko lina, ndipo akalepherananso ankachita maere poponya ndalama m'mwamba. Mu 1965, mu ndime ya matimu asanu ndi atatu ya chikho cha akatswiri a ku Ulaya, Liverpool inakumana ndi Cologne ya ku Germany. Masewero oyamba 0-0, achiwiri 0-0. Anapita ku Rotterdam m'dziko la Netherlands kukasewera kachitatu, ndipo anathera 2-2 ngakhale atawonjezera nthawi. Woyimbira anaponya ndalama. Poyamba inagwa choimirira nkukanirira m'matope, moti anachita kuponyanso. Liverpool inapitirira, Cologne inabwerera kwawo isanagonje ngakhale kamodzi pamasewero atatu.

Taganizani kukhala sapota wa Cologne tsiku limenelo. Thukuta la maola asanu lathera pa mbali yomwe ndalama yagwera. Masewero achitatuwonso anali mtolo: kupeza tsiku pakati pa masewero a ligi, kupeza bwalo, kulipira ulendo wina wa ndege kapena sitima. Chaka chomwecho cha 1965 UEFA inayamba kuyesa lamulo la chigoli cha koyenda m'chikho cha matimu opambana zikho za m'maiko awo. Timu yoyamba kupindula inali Honvéd ya ku Budapest, yomwe inapambana 3-2 ku Prague pokumana ndi Dukla, nkugonja 2-1 pakhomo. Zonse pamodzi zinali 4-4, koma zigoli zitatu za ku Prague zija zinaipulumutsa. M'chikho chachikulu lamuloli linalowa mu 1967, ndipo linapweteka katimu ka ku Belfast ka Glentoran, komwe kanalepherana 1-1 ndi Benfica pakhomo ndi 0-0 ku Lisbon, nkutuluka kasanagonje. Benfica yomweyo inakafika mu ndime yotsiriza ya chikhocho mu 1968.

Chifukwa chachiwiri chinali cha kaseweredwe, ndipo ndi chimene chili pamtima pa nkhani yonseyi. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo m'zaka zimenezo mwambiwu unali woona kwenikweni pa mpira. Ulendo unali wautali ndi wotopetsa. Chakudya chachilendo, nyengo yachilendo, bwalo lomwe simunalionepo, mwina lamatope, mwina louma gwa, mwina lopapatiza. Mphunzitsi ankapita kukakumana ndi timu yomwe sanaionepo ikusewera, kungodalira zomwe wina wamuuza. Masapota anu sanalipo, m'bwalo monse munali eni mudzi, ndipo woyimbira naye ndi munthu, phokoso la anthu zikwizikwi limamugwedeza. Timu yanzeru ikakhala koyenda inkangodzikundika kutsogolo kwa golo, kuchedwetsa mpira, kupempherera 0-0 kapena kugonja pang'ono, kuti ikamalizire ntchito kwawo. Lamulo latsopanoli linali ngati nyambo kwa mlendo: tuluka m'khola, chifukwa chigoli chimodzi chomwe ungapeze kunoko chidzakulemera mtsogolo.

Pa nthawi yake zinali zomveka. Chinthu chosowa chimakwera mtengo, ndipo chigoli cha koyenda chinali chosowadi.

Tsopano tibwerere ku National Sports Stadium, tione mmene lamuloli limalowera m'mutu mwa mphunzitsi. CAPS ikulowa m'bwalo ili ndi 1-1 ya ku Lubumbashi m'thumba. Masewero akathera 0-0, CAPS yadutsa. Akathera 1-1, zonse zafanana, kuli mapenate. Akathera 2-2 kapena 3-3, Mazembe yadutsa, chifukwa tsopano ndiyo ili ndi zigoli zambiri za koyenda. Ndiye taonani: wezulo yoyamba ikulira, CAPS ili kale patsogolo isanakhudze mpira. Kugoletsa kungawonjezere mtendere, inde, koma sikofunika. Chofunika ndi kusagoletsetsa. Mphunzitsi aliyense woganiza bwino auza anyamata ake kuti atseke kumbuyo, asathamangire kutsogolo onse, mpira ukatuluka asafulumire kuuponya. Ndipo ife masapota tinkafuna zomwezo. Mphindi zomaliza zija palibe ankakuwa kuti tigoletse. Aliyense maso anali pa woyimbira, kudikira kuti aimbe yomaliza.

Kumeneko ndiye kunali kutembenuka kwa lamuloli. Linapangidwa kuti lichotse mantha mwa mlendo, koma manthawo sanathe, anangosamukira kwa mwini mudzi. Zimaoneka bwino kwambiri pa masewero oyamba. Tiyerekeze kuti timu yanu ikuyambira pakhomo ndipo ikutsogola 1-0, kwatsala theka la ola. Kodi mulimbikire kufuna chachiwiri? Mukamaliza 1-0, kenako nkukagoletsa chimodzi chokha koyenda, anzanuwo afunika zigoli zitatu kuti akutulutseni, chifukwa 2-1 ikupanga 2-2 ndipo chigoli cha koyenda ndi chanu. Koma mukatsegula masewero nkumaliza 2-1, ngakhale mwapambana ndi kusiyana komweko kwa chigoli chimodzi, anzanuwo akungofunika 1-0 kwawo kuti mutuluke. Izi zinachitikadi mu 2024 pa ndime yotsiriza ya chikho chachiwiri cha CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa: RS Berkane inapambana 2-1 ku Morocco, Zamalek inapambana 1-0 ku Cairo, chikho chinatsala ku Cairo. Choncho 1-0 inkaposa 2-1, ndipo 2-0 inkaposa 3-1, ngakhale anthu olipira pakhomo lolowera angakonde kuona zigoli zinayi kusiyana ndi ziwiri. Mphunzitsi amene watsogola 1-0 ankaona kuti phindu la chigoli chachiwiri ndi lochepa poyerekeza ndi chilango cha kugoletsetsa chimodzi, ndiye ankalowetsa wotseka kumbuyo m'malo mwa womwetsa zigoli.

Zinafika poti kulepherana 0-0 pakhomo anthu nkumakutcha zotsatira zabwino. Ghana inachita zimenezi mu Marichi 2022 polimbirana malo a ku chikho cha dziko lonse: 0-0 ku Kumasi, 1-1 ku Abuja ndi chigoli cha Thomas Partey, Nigeria nkutsala. Masapota achikulire a Dynamos akukumbukiranso 1998, pomwe timuyi inalepherana 0-0 ndi ASEC Mimosas kuno ku Harare mu ndime yotsiriza ya chikho cha akatswiri. Anthu ambiri sanataye mtima tsiku limenelo, chifukwa kulepherana kulikonse kwa zigoli ku Abidjan kukanabweretsa chikho ku Zimbabwe. Dynamos inagoletsadi ziwiri kumeneko, koma inamwetsedwa zinayi. Lamuloli limangothandiza amene wakwanitsa kufanana ndi mnzake.

Vuto lina linali la nthawi yowonjezera, ndipo ili ndi lomwe ine linkandiwawa kwambiri. M'mipikisano ya ku Ulaya, zonse zikafanana pa mphindi 180, ankawonjezera mphindi 30 pabwalo la masewero achiwiri, ndipo chigoli cha koyenda chinkagwirabe ntchito m'mphindi zimenezo. Kutanthauza kuti timu imodzi inali ndi mphindi 120 zofunira chigoli cholemeracho, inzake inali nazo 90 zokha. Mu Febuluwale 2021 Porto inapambana 2-1 pakhomo, mu Marichi Juventus inabweza 2-1 yomweyo ku Turin, analowa m'nthawi yowonjezera. Itatsala pang'ono kutha, Sérgio Oliveira anagoletsa filikiki ya Porto. Patangopita mphindi ziwiri Adrien Rabiot anabweza ndi mutu. M'nthawi yowonjezerayo aliyense anagoletsa chimodzi, zonse pamodzi 4-4, koma Juventus inatuluka. Chigoli chimodzi cha mlendo chinafuna ziwiri za mwini mudzi, pa mphindi zomwe Juventus sinapatsidwe pamene inali ku Porto.

Ena amayankha kuti mwini mudzi nayenso amapindula posewera mphindi 30 zapaderazo pamaso pa masapota ake, ndiye chigoli cha koyenda chimangolinganiza zinthu. Mfundoyi ili ndi nzeru ndipo sindiikana. Koma phokoso la masapota silifanana kulemera ndi chigoli chathunthu. Ndipo chisokonezo cha nthawi yowonjezera ndi chakale. Mu 1971 Rangers ya ku Scotland inapambana 3-2 pakhomo, Sporting inabweza 3-2 ku Lisbon, m'nthawi yowonjezera aliyense anagoletsa chimodzi, kukhala 6-6. Woyimbira analamula mapenate, Sporting inapambana, anthu anayamba kukondwerera. Pambuyo pake zinadziwika kuti woyimbirayo walakwitsa: Rangers inali ndi zigoli zitatu za koyenda, Sporting ziwiri. Chigamulo chinasinthidwa, ndipo Rangers inakatenga chikho cha matimu opambana zikho za m'maiko awo mu 1972.

Palinso nthawi zina pomwe mawu oti "koyenda" ankatha tanthauzo. Mu 2003 AC Milan ndi Inter Milan anakumana mu ndime ya matimu anayi ya chikho cha akatswiri. Matimu awiriwa amagwiritsa ntchito bwalo limodzi la San Siro. Masewero oyamba 0-0, achiwiri 1-1, udzu womwewo, mzinda womwewo, palibe anakwera ndege. AC Milan inadutsa chifukwa papepala ndiyo inalembedwa kuti ndi mlendo pa masewero achiwiriwo. Zili ngati Dynamos ndi CAPS asewere kawiri pabwalo la Rufaro, wina nkuuzidwa kuti chigoli chake ndi cha kutali. Nthawi ya mliri wa korona zinthu zotere zinachuluka. Mabwalo anali opanda anthu, ndipo kumayambiriro kwa 2021 Liverpool ndi RB Leipzig anasewera masewero awo onse awiri ku Budapest chifukwa cha ziletso za maulendo. Aliyense anaona ndi maso kuti pakhomo ndi koyenda zatsala dzina chabe.

Koma chomwe chinalipha kwenikweni lamuloli ndi chakuti matenda omwe linabwera kudzachiza anali atachepa. Polengeza pa 24 Juni 2021 kuti lathetsedwa m'mipikisano yake yonse ya matimu kuyambira chaka cha mpira cha 2021/22, UEFA inapereka ziwerengero zake. Cha m'ma 1975, pa masewero 100 alionse a amuna, eni mudzi ankapambana 61 ndipo alendo 19. Pofika nthawi yothetsa lamuloli, eni mudzi ankapambana 47, alendo 30. Zigoli nazo zinayandikana: kale mwini mudzi ankagoletsa 2.02 pa masewero alionse ndipo mlendo 0.95, pomwe tsopano zinali 1.58 ndi 1.15. Kusewera pakhomo kukadali ndi phindu, koma lachepa kwambiri. Zifukwa zake nzosabisika. Matimu akuluakulu amayenda pa ndege zawozawo ulendo wa maola awiri kapena atatu, ophika awo ali nawo limodzi. Mabwalo afanana kukula ndi kusalala. Mphunzitsi amaonera makanema a masewero onse a mdani wake asananyamuke. Osewera ambiri anakhalapo m'maligi a maiko angapo, moti kulibe bwalo lowaopsa. Oyimbira amathandizidwa ndi makanema, ndipo phokoso silingawapotoze ngati kale. Chigoli cha koyenda chinaleka kusowa, koma mtengo wake unali womwe uja wa 1965.

Aphunzitsi anali akudandaula kwa zaka. Arsène Wenger anali mmodzi mwa olankhula poyera kuti lamuloli lapitirira nthawi yake, ndipo mu 2018 aphunzitsi a matimu akuluakulu atakumana ku Nyon anapempha UEFA kuti iliunikenso. Mtsogoleri wa UEFA, Aleksander Čeferin, polithetsa ananena mfundo ziwiri zomwe tazionazi: kuti lamuloli layamba kuchita zosemphana ndi cholinga chake poopseza eni mudzi kuti asapite kutsogolo, makamaka pa masewero oyamba, komanso kuti silichita chilungamo m'nthawi yowonjezera. Tsopano zigoli zikafanana, amasewera mphindi 30, zikakanika mapenate. Bungwe la ku South America linatsatira kuyambira 2022, la ku Asia linadzathetsanso pambuyo pake.

Sindibisa kuti pali china chomwe chinapita nalo limodzi. Lamuloli linkachititsa kuti chigoli chimodzi chisandutse wotuluka kukhala wodutsa nthawi yomweyo, popanda kudutsira pa kufanana. Amene anaonera Andrés Iniesta wa Barcelona akugoletsa ku Stamford Bridge, kwawo kwa Chelsea, mu 2009, kapena Lucas Moura akumwetsa chachitatu ku Amsterdam mu 2019 kuti Tottenham itulutse Ajax pa 3-3, akudziwa kugunda kwa mtima komwe ndikunena. Pa lamulo la lero zigoli zimenezo zikanangopititsa masewero ku nthawi yowonjezera. Ndiponso nthawi yowonjezera yachuluka pa miyendo ya osewera omwe atopa kale ndi masewero ambiri, ndipo timu yomwe ikumalizira pakhomo tsopano ikudya phindu la mphindi 30 zija popanda cholinganiza. Walira mvula walira matope.

Nanga kuno kwathu? Bungwe la CAF silinatsatire UEFA pomwe inathetsa lamuloli. Mu 2023 Young Africans ya ku Tanzania inataya chikho kwa USM Alger pa 2-2, itagonja 2-1 ku Dar es Salaam nkukapambana 1-0 ku Algiers. Mu Epulo 2025 Mamelodi Sundowns inatulutsa Al Ahly ndi 0-0 ku Pretoria ndi 1-1 ku Cairo. Achinyamata ena omwe ndimaonera nawo mpira ku Mbare amati uku ndi kutsalira m'mbuyo. Ine sindiona choncho. Zifukwa za 1965 zikadali zamoyo mu Africa. Timu ya ku Harare kapena ku Blantyre yopita kumadzulo kapena kumpoto kwa Africa kawirikawiri imasintha ndege kawiri kapena katatu, kudzera ku Johannesburg, Addis Ababa kapena Nairobi, nkufika itafooka. Imachoka kumtunda kozizira bwino kuno nkukasewera m'chinyontho chotentha cha m'mbali mwa nyanja, mwina pa udzu wapulasitiki womwe sinauzolowere, masapota ake ali ochepa oti nkuwawerenga ndi zala. Chigoli cha Amidu ku Lubumbashi chinali chovuta kupeza mwa njira yomwe chigoli cha Bayern ku Paris sichingakhale. Komanso m'zikho za matimu za CAF, zonse zikafanana pa mphindi 180 amapita ku mapenate mwachindunji popanda nthawi yowonjezera, ndiye kusalungama kwa mphindi 120 ndi 90 kuja kulibe.

Chomwe chilipo ndi vuto lija la mwini mudzi wamantha, ndipo tikuliona kwambiri: masewero oyamba othera 0-0, matimu awiri akuyang'anana ngati atambala oopana. Tsiku lomwe maulendo a mu Africa adzafupike ndi mabwalo athu kufanana, ndidzakhala m'gulu la opempha kuti nafenso tilisiye.

Mwana wa achemwali anga uja tsopano ndi mnyamata wamkulu, ndipo mpira wa ku Ulaya womwe amautsatira ndi wopanda lamuloli. Tsiku lina tikuonera masewero achiwiri a chikho cha akatswiri, alendo atagoletsa, ine ndinadzuka pampando nkunena kuti basi eni mudzi afunika ziwiri. Iye anandiyang'ana nkuti, "Ayi amalume, chimodzi chokha. Zija zinatha."